Mfundo ya msonkhano imene idzamveke eni ake kulibe

Gulu likafuna kusintha anthu osainira ndalama zake, banki sifunsa kuti msonkhano unatentha bwanji kapena ndani analankhula zomveka. Imafuna pepala losonyeza mfundo imene gululo linamanga, losainidwa ndi atsogoleri ake. Kalaliki wolandira pepalalo pamsonkhano panalibe. Sadziwa kuti msungichuma wakale anasamukira ku Mzuzu, sadziwa kuti "ndalama ija" ndi zingati, ndipo alibe udindo wolota. Akapeza kuti mawu ake akhoza kumveka pawiri, amabweza pepalalo, ndipo amachita bwino kutero, pakuti ndalama zikatuluka molakwika mlandu umayambira pa iye.

Apa ndi pamene makomiti ambiri amagwa m'mbuna, kaya ndi a koparetivi, a sukulu, a mpingo kapena bodi ya kampani. Amakambirana bwinobwino, amagwirizanadi, koma chimene chimalowa m'buku ndi chikumbutso chabe cha anthu amene analipo. Maminitsi ali ndi mbali ziwiri zosiyana ntchito. Mbali ina imafotokoza mmene zokambirana zinayendera. Mbali inayo ndi mfundo yomangidwa, ndiye kuti chigamulo cha msonkhanowo. Mbali yachiwiriyi imatuluka m'buku n'kuyenda yokha: imakopedwa papepala lina, imapita kubanki, kwa wowerengera ndalama za gulu, kuofesi ya boma, nthawi zina kukhoti. Ili ngati thumba la chimanga lokwezedwa pabasi mwini wake atatsala, limene limafika pokhapokha zonse zofunika zitalembedwa pathumba pomwepo.

Tiyerekeze koparetivi ya alimi a mpendadzuwa ya mamembala 60. Msungichuma wawo wasamuka, ndipo asankha wina. Akufunanso kugula makina oyengera mafuta. Atakambirana mpaka dzuwa kupendeka, mlembi akulemba kuti: "Tagwirizana kuti nkhani ya osainira ikonzedwe msanga monga takambirana, ndipo ndalama ija itapidwe kuti makina aja agulidwe mwezi wamawa."

Aliyense amene anali pabwalopo akumva bwino lomwe chiganizochi. Koma mphamvu yake yonse yatsamira pa timawu timene timagwira ntchito pakati pa anthu odziwana okha. "Ija" ndi "aja" amaloza chinthu chimene wolankhula ndi womvera onse akuchikumbukira. Pocheza timawuti n'tabwino zedi, chifukwa timafupikitsa nkhani. M'mfundo ya msonkhano timasiya dzenje, popeza wodzawerenga chaka chamawa alibe chokumbukira. "Monga takambirana" akutumiza wowerenga ku zokambirana zimene sizinalembedwe. "Mwezi wamawa" umasuntha malinga ndi tsiku limene munthu akuwerenga. "Msanga" wa wapampando ndi sabata imodzi, wa mlembi ndi akatha kukolola.

Vuto lalikulu kuposa onsewa lili m'mawu oti "ikonzedwe", "itapidwe" ndi "agulidwe". Onse atatu akunena ntchito koma akubisa woigwira. Pamsonkhano wotsatira wapampando adzati ankayesa kuti ndi ntchito ya mlembi, mlembi adzati ankadikira msungichuma watsopano, ndipo palibe amene adzakhale atanama. Choopsa china n'chakuti munthu wina aliyense wa m'komiti akhoza kukatapa ndalamazo n'kunena kuti msonkhano unalola, pakuti mfundoyo sinatchule woyenera kutapa, ndiye kuti sinaletse aliyense.

Mlembi wodziwa ntchito amayamba ndi kugawa. M'chiganizo chija muli zigamulo ziwiri, cha osainira ndi cha makina, ndipo chilichonse chiyenera kukhala ndi nambala yake ndi voti yake. Pali zifukwa ziwiri. Membala akhoza kufuna msungichuma watsopanoyo koma n'kukana zogula makina chaka chino, ndipo zikamangidwa pamodzi sapeza povotera. Komanso banki ikufuna mfundo ya osainira yokha. Palibe chifukwa choionetsera zina zonse za m'nyumba.

Mfundo ya osainira ingalembedwe motere, pamene "Uje" akuimira dzina lonse monga lilili pachiphaso kapena pasatifiketi:

"Mfundo nambala 3 ya msonkhano waukulu wa Koparetivi ya Uje, umene unachitikira pa Uje pa 14 Juni 2025. Msonkhano wagamula kuti, kuyambira pa 1 Julayi 2025: (a) Bambo Uje achotsedwe pa mndandanda wa osainira akaunti nambala yakuti ya koparetiviyi ku Banki ya Uje, nthambi ya Uje, (b) osainira akauntiyi akhale anthu atatu awa: Mayi Uje, wapampando, Bambo Uje, mlembi, ndi Mayi Uje, msungichuma, (c) cheke chilichonse kapena pepala lililonse lotapira ndalama lisainidwe ndi anthu awiri mwa atatuwa, ndipo mmodzi mwa awiriwo akhale msungichuma, (d) mlembi apereke mfundo iyi kubankiyo pofika pa 27 Juni 2025, ndipo adzauze komiti pamsonkhano wake wotsatira kuti waipereka. Mfundo iyi ikufafaniza mfundo nambala 5 ya pa 10 Juni 2023."

N'chitali, ndipo pochiwerenga mokweza sichikoma m'khutu. Koma chigawo chilichonse chikutseka khomo limene mkangano ukanalowera.

Chigawo (c) ndicho chofunika kuchiyang'ana modekha. Alembi ambiri amalemba kuti "asaine wapampando ndi mlembi kapena msungichuma". Chiganizo chimenechi chili ndi matanthauzo awiri. Mwina akusaina wapampando pamodzi ndi mmodzi wa enawo, mwinanso akusaina wapampando ndi mlembi, apo ayi msungichuma payekha. Tanthauzo lachiwirili likupatsa munthu mmodzi mphamvu yotulutsa ndalama zonse za gulu popanda womuona. Pamwamba pa izo, ulemu wathu umawonjezera chifunga: "asaine" amanenedwa kwa anthu asanu, amanenedwanso kwa munthu mmodzi wolemekezeka. Ndiye chifukwa chake mfundo yabwino imatchula chiwerengero poyera, awiri mwa atatu, osasiya kuti wowerenga aone yekha kuti "a" akuimira angati.

Kutchula dzina pamodzi ndi udindo kulinso ndi ntchito yake. Banki imayerekeza saini ndi chiphaso cha munthu, motero udindo wokha sukwanira. Koma dzina lokha nalonso limasocheretsa, chifukwa pakatha zaka wowerenga sadziwa kuti Mayi Uje anaikidwapo ngati ndani. Pa nkhani zimene zidzapitirire ngakhale anthu atasintha, monga yoti lipoti la zachuma liziperekedwa miyezi itatu iliyonse, udindo wokha ndi umene uyenera kulembedwa, kuti mfundoyo isafe munthuyo akachoka.

Chiganizo chomaliza, chofafaniza mfundo yakale, ndi chimene chimaiwalika kawirikawiri. Mfundo imene msonkhano unamanga imagwirabe ntchito mpaka msonkhano wina utaichotsa kapena nthawi yake itatha. Yatsopano ikangolembedwa osatchula yakale, m'buku mumakhala mfundo ziwiri zotsutsana, ndipo aliyense pamkangano amatsegula tsamba lomukomera.

Taonaninso chimene mfundoyi sinanene. Sinafotokoze kuti Bambo Uje achotsedwa chifukwa chiyani. Pano chifukwa chake n'chosavuta, anasamuka. Koma ngakhale pakanakhala kukayikirana pa ndalama, mawu oti "chifukwa anasowetsa ndalama" sayenera kulowa m'mfundo yopita kubanki. Imeneyo ndi nkhani ina, yofuna umboni, yofunanso kuti munthuyo amvedwe, ndipo kuilemba ngati yotsimikizika kungaike gulu pamlandu woipitsa mbiri ya munthu. Zifukwa zikafunikadi, zimakhala pamwamba m'chiganizo choyamba ndi mawu ngati "poona kuti", ndipo zikhale zinthu zimene palibe akutsutsa. Chigamulo chenicheni chimabwera pambuyo pake ndipo chiyenera kumveka ngakhale zifukwazo zitadulidwa.

Mfundo ya makina imatsata njira yomweyo, koma mtima wake uli pa malire. Msonkhano sudziwa mtengo weniweni wa tsiku logula, choncho umaika denga: "Msonkhano ukuloleza komiti yaikulu kugula makina amodzi oyengera mafuta a mpendadzuwa pamtengo wosapitirira K6,000,000, kuphatikizapo msonkho ndi mtengo wonyamulira, kuchokera ku akaunti nambala yakuti, itayerekeza mitengo yolembedwa ya ogulitsa atatu. Chilolezochi chidzatha pa 30 Sepitembala 2025 ngati makinawo adzakhale asanagulidwe." Mawu oti "kuphatikizapo msonkho ndi mtengo wonyamulira" ndi amene amaletsa kuti K6,000,000 isanduke K7,000,000 m'njira. Ndalamayo ndi bwino kuilemba m'manambala ndi m'mawu momwe, monga pacheke, chifukwa ziro mmodzi savuta kuwonjezera ndi bolopeni. Tsiku lothera nalo limateteza gulu. Popanda ilo, komiti ina ikhoza kudzafukula chilolezochi patapita zaka ziwiri, mitengo itasintha, n'kunena kuti mamembala analola kale.

Mawu oti "ukuloleza" sanasankhidwe mwangozi. Kuloleza kukupatsa komiti mphamvu, koma ikaona kuti makina onse ndi osalimba ikhoza kusagula. Msonkhano ukanati "ukulamula", kusagula kukanakhala kuphwanya mfundo. Ukanati "ukupempha" kapena "ukulangiza", komiti ikanakhala ndi ufulu wokana. Mamembala ambiri amachoka pamsonkhano akuganiza kuti alamula, pamene m'buku mwalembedwa kuti "ndi bwino komiti iganizire", mawu amene samanga munthu aliyense.

Zimenezi si za makomiti a kumudzi okha. Mfundo za Khonsolo ya Chitetezo ya bungwe la United Nations zimalembedwa mwa dongosolo lomweli: zifukwa pamwamba, kenako ndime zokhala ndi manambala, iliyonse yoyamba ndi mawu osonyeza ngati khonsoloyo ikulamula, ikupempha kapena ikuloleza. Mfundo ziwiri zokhudza dziko la Iraq zikuonetsa bwino kusiyana kwa kalembedwe.

Iraq italanda Kuwait mu Ogasiti 1990, khonsoloyo inamanga mfundo nambala 678 pa 29 Novembala 1990. Mfundoyo inatchula ololedwa kuchitapo kanthu, omwe ndi mayiko ogwirizana ndi boma la Kuwait. Inatchula chimene Iraq inayenera kuchita poloza mfundo nambala 660 ndi zina zotsatira. Inaika tsiku lomaliza, 15 Januwale 1991. Inanenanso kuti tsikulo likadutsa, mayikowo aloledwa kugwiritsa ntchito njira zonse zofunika. Mawu oti nkhondo sanalembedwemo, koma palibe kazembe amene anavota osadziwa tanthauzo lake. Mayiko 12 anavomera, Cuba ndi Yemen anakana, China sinavote mbali iliyonse. Nkhondo inayamba pa 17 Januwale 1991. Anthu angatsutsane ngati chigamulocho chinali chanzeru, koma wololedwa ndi tsiku lake zinali poyera.

Pa 8 Novembala 2002 khonsolo yomweyo inamanga mfundo nambala 1441, ndipo mayiko onse 15 anavomera. Inapatsa Iraq mwayi wotsiriza wotsatira malamulo okhudza zida, ndi masiku 30 oti ipereke lipoti la zida zake. Pa zimenezi inali yachindunji. Koma pofika pa funso lalikulu, loti chidzachitike n'chiyani Iraq ikalephera, inangonena kuti khonsoloyo idzakumana nthawi yomweyo kuti iunike nkhaniyo, n'kukumbutsa kuti Iraq idzakumana ndi zotsatira zoopsa. Sinatchule kuti zotsatirazo n'zotani, ngakhale wodzazibweretsa. France, Russia ndi China ananena kuti nkhondo ingafunike mfundo ina. America ndi Britain anati mfundoyi, pamodzi ndi zakale zija, inali yokwanira, ndipo analowa m'dziko la Iraq mu Malichi 2003. Mu Sepitembala 2004 mlembi wamkulu wa bungwelo, a Kofi Annan, ananena poyera kuti nkhondoyo sinagwirizane ndi malamulo a bungwelo.

Akazembe amene analemba mfundo 1441 sanali osadziwa kulemba. Anasiya mawuwo osamveka chifukwa ndi njira yokhayo imene mayiko onse 15 akanakwezera manja. Izi zimachitikanso m'makomiti athu. Anthu atopa, mvula ikubwera, awiri akukanganabe, ndipo wapampando amapeza mawu ofewa amene aliyense angavomere chifukwa aliyense akuwamva mwake. Mgwirizano wotere ndi wonyenga, ndipo mlembi amene amaulemba sathandiza gulu. Kuli bwino kulemba kuti nkhaniyo yaimitsidwa mpaka pamsonkhano wa tsiku lakuti, pakuti imeneyonso ndi mfundo yathunthu, kusiyana n'kulemba chigamulo chimene mbali ziwiri zidzachiwerenge mosiyana.

Mawu abwino okha sapatsa mfundo mphamvu. Msonkhano uyenera kukhala woitanidwa motsata malamulo oyendetsera gululo, mamembala atadziwitsidwa m'masiku amene malamulowo amanena, ndipo pa nkhani zazikulu atauzidwiratu kuti nkhaniyo ili pa ajenda. Chiwerengero cha opezekapo chikwane, chimene ambiri amati kolamu. Komiti isagamule zimene malamulo anasungira msonkhano waukulu. Ndiye pansi pa mfundo pamalembedwa manambala: mwa mamembala 60 analipo 44, ovomera 38, okana 4, osavota 2. Mawu oti "ambiri anavomera" sakwanira, chifukwa zigamulo zina zimafuna mavoti ochuluka kuposa theka. Lamulo la makampani la mu 2013 m'Malawi, mwachitsanzo, limafuna mavoti 75 pa 100 alionse pa mfundo yapadera, monga yosintha malamulo oyendetsera kampani. Wowerenga sangadziwe ngati muyezowo unakwana akapanda kuona manambala.

Amalawi safunika kuuzidwa zambiri za kuopsa kwa mawu oti "ambiri". Gawo 80(2) la malamulo aakulu a dziko linkanena kuti pulezidenti asankhidwe ndi ambiri mwa ovota, osafotokoza kuti ambiri ndi angati. Kwa zaka zambiri zinkamveka kuti wopambana ndi amene waposa anzake onse. Pa 3 Febuluwale 2020 khoti loona za malamulo aakulu, pofafaniza chisankho cha 2019, linagamula kuti ambiri ndi oposa theka la mavoti onse, ndipo khoti lalikulu la apilo linagwirizana nazo pa 8 Meyi chaka chomwecho. Amenewo ndi malamulo a dziko, osati mfundo ya msonkhano, koma nthenda yake ndi imodzi. Gulu limene likumanga mfundo yokhudza zisankho zake linene poyera ngati likuwerenga oposa theka la ovota, la opezekapo, kapena la mamembala onse. M'koparetivi ya anthu 60 ija, pamene analipo 44 ndipo ovota anali 42, miyezo itatuyi ndi mavoti 22, 23 ndi 31.

Nthawi yolemba mfundo ndi voti isanachitike. Chizolowezi chofala n'chakuti anthu amakweza manja pa ganizo lolankhulidwa, mlembi n'kukalikonza kunyumba usiku. Zikatero mawu amene ali m'buku ndi a mlembi, osati a msonkhano, ndipo ngakhale atakhala wokhulupirika chotani, wina adzati si zimene tinavotera. Njira yoyenera ndi yakuti wobweretsa ganizo alilembe, kapena mlembi alilembe pomwepo, wina alivomereze kuti likambidwe, ndipo liwerengedwe mokweza. Wina akafuna kusintha mawu, monga kutsitsa denga lija kufika pa K5,500,000, kusinthako kumavoteredwa poyamba. Kenako wapampando amawerenganso mfundo yonse monga yakhalira, ndipo voti yomaliza imachitika pa mawu amenewo. Kuchedwa kwake ndi kwa mphindi zochepa, ndipo m'mphindi zimenezo ndi mmene munthu wina kumbuyo amakweza dzanja n'kufunsa kuti, "Kodi a wapampando, akapereke ndani?"

Voti ikachitika, mlembi alibenso mphamvu pa tanthauzo. Akhoza kukonza chilembo cholakwika, koma sangasinthe tsiku, ndalama kapena dzina, ngakhale ataona kuti msonkhano unaphonya. Maminitsi akamawerengedwa pamsonkhano wotsatira, funso limakhala lakuti kodi alembedwa monga zinachitikira, osati kodi tikugwirizana nazobe. Amene asintha maganizo abweretse mfundo yatsopano yofafaniza kapena yosintha yakaleyo, poitchula nambala ndi tsiku lake.

Pali njira yapafupi yoyesera mfundo isanawerengedwe komaliza, makamaka ikakonzedwa msonkhano usanayambe. Mlembi aikopere papepala lapadera, popanda china chilichonse, n'kupatsa munthu amene nkhaniyo sakuidziwa, kaya ndi mphunzitsi wa pasukulu yapafupi kapena mlangizi wa zaulimi. Amufunse kuti afotokoze amene achite ntchitoyo, chimene achite, ndalama zake ndi tsiku lomaliza. Pamene munthuyo wayamba kufunsa kuti "makina ake ati?" kapena "akaunti iti?", pamenepo ndi pamene mfundoyo ikudalirabe kukumbukira kwa eni ake. Ngati ikuloza pepala lina, monga bajeti kapena mgwirizano wa ngongole, pepalalo litchulidwe ndi mutu wake ndi tsiku lake, lisainidwe ndi wapampando, ndipo limatidwe kumaminitsi, chifukwa bajeti imalembedwa kangapo isanavomerezedwe ndipo pambuyo pake makope ake amafanana onse.

Chopita kubanki si buku lonse la maminitsi ayi. Mlembi amakopera mfundo nambala 3 liwu ndi liwu papepala la gulu, pamwamba pali dzina lonse la koparetivi, mtundu wa msonkhano, malo ndi tsiku. Pansi amalemba kuti akutsimikiza kuti mawuwa ndi ofanana ndendende ndi amene ali m'buku la maminitsi, kuti kolamu inakwana, ndiponso kuti mfundoyo sinasinthidwe kapena kufafanizidwa. Wapampando ndi mlembi amasaina, amalemba tsiku, ndipo amadinda chidindo cha gulu. Mabanki ambiri ali ndi mafomu awoawo a osainira, ndipo ena amafuna mawu akutiakuti m'mfundoyo, choncho ndi nzeru kukatenga fomuyo msonkhano usanachitike, kuti zimene banki ikufuna zilowe m'mawu amene mamembala adzavotere, m'malo moitananso anthu 60 kudzawonjezera chiganizo chimodzi.